Munda wooneka ngati uta: mbiri ya samu yomwe inkabera alimi malo

Tengani mbale yozungulira, muike ndodo yowongoka pamwamba pake cha m'mbali, osadutsa pakati. Kachigawo kamene katsala kuseri kwa ndodoyo kali ndi mbali imodzi yowongoka ndi ina yokhota, ngati uta wa mlenje. Aphunzitsi a masamu amakatcha segimenti, ndipo mzere wowongokawo amautcha kodi. Funso loti kachigawoka n'kakakulu bwanji limaoneka lophweka, koma lidatenga zaka mazanamazana kuti liyankhidwe molondola. Nthawi yonseyo anthu ankagwiritsa ntchito lamulo limene linkapereka yankho lochepa kuposa malo enieni.

Mayina akale a chinthuchi adachokera ku ulenje. Ku China ndi ku India komwe, mbali yokhota ankaitcha uta, mzere wowongoka ankautcha nsinga, ndipo mtunda wochoka pakati pa nsinga kukafika pamsana pa uta ankautcha muvi. Nsinga ndi muvi ndizo zinthu ziwiri zimene munthu angathe kuyeza ndi chingwe ataimirira m'munda. Pakati penipeni pa seko yonse sangapaone, mwina pali mumtsinje kapena m'munda wa mwini. N'chifukwa chake akale ankafuna lamulo lodalira nsinga ndi muvi basi.

Lamulo la alembi a msonkho

Lamuloli timalipeza m'buku lakale la ku China lotchedwa Jiuzhang Suanshu, kutanthauza mitu isanu ndi inayi ya luso la masamu, lomwe lidasonkhanitsidwa m'nthawi ya mafumu a Han, pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Mutu wake woyamba ndi wa kayezedwe ka minda, nkhani imene alembi a boma ankaidziwa bwino chifukwa msonkho unkatsata kukula kwa munda. Chakumapeto kwa mutuwo kuli funso la munda wooneka ngati uta. Nsinga yake ndi mapazi 30, muvi wake mapazi 15, malinga ndi muyezo wawo wotchedwa bu.

Njira yake inali iyi: chulukitsani nsinga ndi muvi, muwonjezere muvi wochulukitsidwa ndi muvi womwewo, kenako mugawe pawiri. Tikalemba c m'malo mwa nsinga ndi s m'malo mwa muvi, lamuloli ndi A = (c × s + s × s) ÷ 2. Pa munda uja, 450 kuwonjezera 225 ndi 675, ndipo theka lake ndi 337.5. Ili ndilo yankho la m'bukumo.

Mukayang'anitsitsa mupeza kuti munda umenewu ndi theka la seko ndendende, pakuti muvi ndi theka la nsinga. Yankho la 337.5 limatuluka pokhapokha mukanena kuti mzere wozungulira seko ndi wautali katatu kuposa dayamita yake. Nambala yeniyeni, yomwe lero timaitcha π, ndi yoposa 3.14, ndipo malo enieni a mundawo ndi pafupifupi 353. Choncho lamuloli lidabadwa lili ndi chilema kale.

Chodabwitsa n'chakuti si Atchaina okha ankalidziwa. Gumbwa wina wa ku Igupto wa zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, yemwe amasungidwa ku Cairo, amagwiritsa ntchito lamulo lomweli. Nayenso Heron, katswiri wa makina ndi kayezedwe yemwe ankakhala mu mzinda wa Alesandriya cha m'ma 60 Yesu atabadwa, adalilemba m'buku lake la Metrica, n'kunena kuti ndi njira ya anthu akale. Bukuli lidasowa kwa nthawi yaitali mpaka pamene lidapezeka mu mzinda wa Constantinople mu 1896.

Kulakwa kwake kunali kotani?

Kuti tione bwino, tiyeni titenge dimba limodzi n'kuyenda nalo m'mbiri yonseyi. Nsinga yake ikhale mamita 24, muvi wake mamita 6. Lamulo lakale likuti 144 kuwonjezera 36 ndi 180, theka lake 90. Malo enieni, monga tionere kutsogoloku, ndi masikweya mita 100.6. Pa magawo khumi alionse, gawo limodzi lasowa.

Uta ukamaphwatalala, zinthu zimaipiraipira. Muvi ukakhala waufupi kwambiri poyerekeza ndi nsinga, lamulo lakale limangotsala pang'ono kufanana ndi thirayango yojambulidwa m'kati mwa utawo, pomwe malo enieni amaposa thirayangoyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa kulakwa kumayandikira kota ya munda wonse. Wokhoma msonkho akanakondwa nazo zimenezi, koma wogulitsa munda ankataya chuma osadziwa.

Heron adaona vutoli ndipo adalemba njira yoikira chigamba: pa yankho lakale muwonjezere theka la nsinga lochulukitsidwa ndi lokha, logawidwa ndi 14. Nambala 14 siidangotoledwa panjira. Mukaiyesa pa theka la seko, imasintha π kuchoka pa 3 kufika pa 22/7, muyezo womwe Archimedes wa ku Sirakusa adaupeza ngati malire a pamwamba. Pa dimba lathu, 144 kugawa ndi 14 ndi pafupifupi 10.3, ndiye yankho likhala 100.3. Layandikira kwambiri. Koma chigambachi chili ndi malire ake. Pa uta wophwatalala chimawonjezera mopitirira muyezo, ndipo Heron mwiniyo adalangiza kuti pamenepo ndi bwino kutenga thirayango ya m'kati n'kuiwonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu ake, nzeru yochokera ku ntchito ya Archimedes.

Mathirayango a Liu Hui

Munthu amene adakana zigamba anali Liu Hui, yemwe adalemba ndemanga pa buku la mitu isanu ndi inayi lija mu 263. Iye adaonetsa kuti lamulo la munda wa uta limapereka malo ochepa, ndipo adafotokoza njira ina yosadalira mwayi.

Poyamba adapeza kukula kwa seko yobisikayo pogwiritsa ntchito nsinga ndi muvi zokha. Theka la nsinga mulichulukitse ndi lokha, mugawe ndi muvi, muwonjezere muvi, ndipo mwapeza dayamita: d = (c ÷ 2)² ÷ s + s. Pa dimba lathu, 144 kugawa ndi 6 ndi 24, kuwonjezera 6 ndi 30. Seko imene sitinaione ili ndi dayamita ya mamita 30, rediyasi yake 15.

Kenako adayamba kudzaza utawo ndi mathirayango. Yoyamba imakhala pa nsinga, nsonga yake n'kugunda pamsana pa uta. Malo ake ndi theka la 24 kuchulukitsa ndi 6, kutanthauza 72. Kumbali zake ziwiri kwatsala timauta tiwiri ting'onoting'ono. Popeza dayamita ikudziwika, nsinga ndi muvi za timautato zingathe kuwerengedwa, ndipo m'kati mwa kalikonse mumalowa thirayango ina. Ziwirizi pamodzi zimapereka pafupifupi 21.2, ndiye tafika pa 93.2, kuposa kale yankho la alembi aja. Ulendo wachitatu mathirayango anayi amawonjezera kupitirira pang'ono 5.5, tifike pafupifupi pa 98.8. Ulendo wachinayi asanu ndi atatu amatifikitsa pafupifupi pa 100.2.

Taonani kuti chowonjezera chilichonse chili pafupi ndi kota ya cham'mbuyo mwake. Apa m'pamene pagona mphamvu ya njirayi: woyeza amadziwa kuti chotsala ndi chochepa motani, ndipo amaima pamene wakhutira. Lamulo lakale linkalakwa mwakachetechete, pomwe njira ya Liu Hui imadziuza yokha kuti yatsala ndi mtunda wanji.

Kuchoka ku nsinga kufika ku sin

Njira imene ana a sekondale amaphunzira lero imadutsa kwina. Muganizire chidutswa cha seko chonga cha keke, chochoka pakati pa seko kukafika kumathero awiri a uta. Muchotsepo thirayango yomwe ili pakati pa nsinga ndi pakati pa seko. Chotsala ndi uta uja. Maganizowa ndi apafupi, koma amafuna kudziwa kukula kwa ngodya ya pakati pa seko, ndipo kuti munthu achoke pa utali wa nsinga n'kupeza ngodya, pankafunika matebulo.

Matebulowo adachokera kwa openda nyenyezi. Ptolemy wa ku Alesandriya, cha m'ma 150, adalemba tebulo losonyeza utali wa nsinga pa ngodya iliyonse, modumpha theka la digiri. Ku India adaona kuti theka la nsinga ndilo lothandiza kwambiri, ndipo Aryabhata adapereka tebulo lake mu 499. Mawu awo akuti jya, kutanthauza nsinga ya uta, adalowa m'Chiarabu, ndipo omasulira a ku Ulaya adawatembenuza m'Chilatini kukhala sinus. Batani lolembedwa sin pa kakyuleta ya mwana wanu ndi mdzukulu wa nsinga ya mlenje.

Lero lamuloli limalembedwa motere: A = ½ r² (θ − sin θ), pomwe r ndi rediyasi ndipo θ ndi ngodya ya pakati yoyezedwa m'maradiyani. Pa dimba lathu, theka la nsinga ndi 12 ndipo rediyasi ndi 15, zomwe zimapereka ngodya ya madigiri 106.26. Chidutswa chonga keke chija ndi 208.6. Thirayango yochotsedwa ili ndi nsinga 24 ndi msinkhu 9, kutanthauza 15 kuchotsa 6, ndiye malo ake ndi 108. Chotsala ndi 100.6.

Ambiri amapunthwa pa malo amodzi: amaika madigiri pamene lamulo likufuna maradiyani, yankho n'kutuluka lalikulu kuposa seko yonse. Pali njira yachidule yodzitetezera. Pa uta wosaposa theka la seko, yankho liyenera kuposa thirayango ya m'kati, koma lisafike pa nsinga yochulukitsidwa ndi muvi. Pa dimba lathu liyenera kukhala pakati pa 72 ndi 144.

Samu imeneyi siidathere m'minda ya mafumu a Han. Thanki iliyonse yozungulira yogonekedwa cham'mbali, kaya ya mafuta pa malo omwetsera galimoto kaya ya madzi, ili ndi uta m'kati mwake: pamwamba pa madzi ndi nsinga, kuya kwake ndi muvi. Dimba lathu lili ndi muvi wa gawo limodzi mwa magawo asanu a dayamita, koma malo ake ndi magawo 14 okha pa 100 a seko yonse. Ndiye mgolo wa malita 200 mukaugoneka, ndodo yoviika n'kusonyeza gawo limodzi mwa asanu, musaganize kuti muli malita 40. Muli malita pafupifupi 28.