Mlandu wa Bartz ndi kampani ya Anthropic

Mlandu wa Bartz ndi kampani ya Anthropic ndi mlandu wa umwini wa mabuku umene unazengedwa kubwalo lamilandu la boma la America mumzinda wa San Francisco. Alembi atatu, Andrea Bartz, Charles Graeber ndi Kirk Wallace Johnson, anasumira kampaniyi mu Ogasiti 2024 poidandaula kuti inatenga mabuku awo popanda chilolezo n'kuphunzitsira Claude, pulogalamu yake ya nzeru zochita kupanga. Mu Seputembala 2025 kampaniyi inavomera kulipira madola 1.5 biliyoni kuti nkhaniyi ithe. Mlanduwu umatchulidwa kawirikawiri chifukwa unalekanitsa mafunso awiri amene anthu amawasakaniza: ngati kuphunzitsira makina buku la mwini n'kulakwa, ndi ngati bukulo linapezeka m'njira yovomerezeka.

Mmene mabukuwo anapezekera

Pulogalamu yamtunduwu imaphunzira mwa kuwerenga zolembedwa zochuluka zedi. Imaphwanya ziganizo m'tizidutswa, n'kumayesa kulosera kachidutswa kotsatira, ndipo ikaphonya manambala a mkati mwake amasinthidwa pang'ono. Mabuku amafunidwa kwambiri pantchitoyi chifukwa ndi aatali komanso anadutsa m'manja mwa akonzi. Koma kuti makina awerenge buku, bukulo liyenera kukopedwa kaye, ndipo kukopa ndi kumene lamulo la umwini limaletsa ngati mwiniwake sanalole.

Malinga ndi zimene bwalo linapeza, Anthropic inali ndi njira ziwiri. Mu 2021 ndi 2022 inatsitsa makope oposa 7 miliyoni kuchokera kumalo a pa intaneti ogawa mabuku mwakuba: pafupifupi 196,000 ku Books3, osachepera 5 miliyoni ku Library Genesis, ndi osachepera 2 miliyoni ku Pirate Library Mirror. Kuyambira mu 2024 inayamba kugula mabuku osindikiza ambirimbiri, ochuluka mwa iwo akaunjika. Ankawachotsa chikuto, kudula masamba, kuwajambula ndi makina, kenako n'kutaya mapepalawo.

Chigamulo cha Juni 2025

Lamulo la umwini la ku America, m'gawo 107, limalola kugwiritsa ntchito luso la munthu wina popanda chilolezo ngati kagwiritsidweko kali koyenera. Woweruza amaunika zinthu zinayi: cholinga cha wogwiritsayo, mtundu wa lusolo, kuchuluka kwa zomwe watenga, ndi mmene msika wa mwiniwake wakhudzidwira.

Woweruza William Alsup anagamula kuti kuphunzitsa pulogalamu ndi kagwiritsidwe koyenera, chifukwa chotulukapo n'chosiyana kotheratu ndi buku lenilenilo. Anayerekeza ndi munthu amene wawerenga mabuku ambiri kenako n'kuyamba kulemba zake. Apa n'kofunika kudziwa kuti alembiwo sanadandaule kuti Claude inkatulutsira anthu masamba a mabuku awo. Woweruzayo ananenanso kuti zikanakhala choncho, mlandu ukanakhala wina. Kujambula mabuku ogula kunalolekanso, popeza kope limodzi la pepala linkalowedwa m'malo ndi kope limodzi la pakompyuta, ndipo silinkagawidwa kunja.

Pa mabuku otsitsa mwakuba kampaniyi inagonja. Inawasunga m'nkhokwe yake yokhazikika, ngakhale ena amene sinawagwiritse ntchito pophunzitsa, pomwe ikanatha kuwagula. Woweruzayo anati kugula buku pambuyo poti walitenga kale mwakuba sikufafaniza mlanduwo, ngakhale kungachepetse chipukutamisozi. Nkhani ya mabuku amenewa inayenera kukazengedwa mu Disembala 2025.

Chifukwa chake anagwirizana

Mu Julayi 2025 bwalo linalola kuti alembi atatuwa aimirire eni onse a mabuku otengedwa ku Library Genesis ndi Pirate Library Mirror. Apa m'pamene mlandu unakula. Lamulo limaika chipukutamisozi cha madola 750 mpaka 30,000 pa buku limodzi, ndipo chimafika 150,000 ngati wolakwayo anachita dala. Pa mabuku 482,460 amene analowa pamndandanda, mlingo wotsikitsitsa ukanapereka madola pafupifupi 362 miliyoni, pomwe wokwereratu ukanapitirira 72 biliyoni. Mgwirizano wa 1.5 biliyoni ukutanthauza madola pafupifupi 3,000 pa buku, kuwirikiza kanayi mlingo wotsikitsitsa uja.

Kampaniyi inavomeranso kufufuta mafailo akubawo. Mgwirizanowu ukukhudza zimene zinachitika kale basi. Sukupereka chilolezo chogwiritsa ntchito mabukuwo m'tsogolo, ndiponso sukutseka madandaulo okhudza zimene pulogalamuyo ingatulutse. Alsup poyamba anaudzudzula kuti sunafotokoze bwino mndandanda wa mabuku ndi kagawidwe ka ndalama, ndipo anauvomereza mongoyembekezera pa 25 Seputembala 2025.

Olandira ndi otsala

Kuchoka pa makope 7 miliyoni kufika pa mabuku osakwana theka la miliyoni kuli ndi zifukwa zake. Makope ambiri anali obwereza buku lomwelo. Kupatula apo, buku linayenera kukhala ndi nambala ya ISBN kapena ASIN, komanso kukhala lolembetsedwa kuofesi ya boma la America yoona za umwini pasanathe zaka zisanu chisindikizidwire. Linayeneranso kulembetsedwa lisanatsitsidwe kapena pasanathe miyezi itatu litatuluka.

Pa mabuku wamba ndi a nyumba zosindikiza za m'mayunivesite, kagawidwe koyambira ndi theka kwa mlembi ndi theka kwa wosindikiza, pokhapokha kontirakiti yawo itanena zina. Mwachitsanzo, buku limene analemba anthu awiri ndipo likadali m'manja mwa wosindikiza, pa madola 3,000 wosindikiza atenga 1,500, alembiwo n'kugawana 750 aliyense. Ndalamazi zimachepanso akachotsa malipiro a maloya ndi oyendetsa ntchito yogawa. Amene anasindikiza yekha buku lake, kapena amene umwini unabwerera kwa iye, amatenga zonse.

Otsala ndi ambiri. Alembi ena anazindikira mochedwa kuti osindikiza awo sanalembetse mabukuwo. Alembi a kunja kwa America ndiye ali pamavuto kwambiri, chifukwa pangano la Berne, limene Malawi ali m'gulu la mayiko olitsata, limateteza buku popanda kulilembetsa kulikonse, choncho ambiri saona chifukwa cholembetsera ku America. Buku lawo likhoza kupezeka ku Library Genesis koma iwo osalandira kanthu. Nawonso eni mabuku amene kampaniyi inagula n'kujambula salandirapo gawo pa mabuku amenewo, popeza ndalamayi ndi yolipira kuba kuja, kuphunzitsa ayi.

Milandu ina yofanana

Chigamulo cha Alsup n'cha bwalo laling'ono ndipo sichimanga oweruza ena. Sabata yomweyo, m'bwalo lomwelo, woweruza Vince Chhabria anagamula mokomera kampani ya Meta pa mlandu wa alembi ena, koma anatsutsa fanizo la munthu wowerenga lija. Iye anati makina angathe kudzaza msika ndi mabuku opikisana ndi a alembi enieni, kungoti odandaulawo sanabweretse umboni wokwanira pa mfundoyi.

Pa nyimbo, mu Okutobala 2025 kampani ya Universal Music Group inathetsa mlandu wake ndi Udio n'kugwirizana za chilolezo cholipira. Mu Novembala 2025 bwalo la ku Munich linagamula mokomera GEMA, bungwe lotolerera oimba ndalama ku Germany, kuti OpenAI inalakwa pamene pulogalamu yake inaloweza ndi kutulutsa mawu a nyimbo zachijeremani. Mwezi womwewo ku London, Getty Images inagonja pa mbali yaikulu ya mlandu wake wa zithunzi ndi Stability AI: inali itasiya kale dandaulo la kuphunzitsa chifukwa panalibe umboni woti kunachitikira ku Britain, ndipo bwalo linati pulogalamu ya Stable Diffusion payokha si kope la zithunzizo.