Kufupikitsa mawu ndi timadontho titatu

Kufupikitsa mawu ndi timadontho titatu ndi njira imene mapulogalamu a pakompyuta amagwiritsa ntchito pamene nkhani yatalika kuposa malo amene alipo. Pulogalamu imasunga chiyambi cha nkhaniyo, kutaya zotsala, n'kuika timadontho titatu (…) kumapeto kuti wowerenga adziwe kuti mawuwo sanathere pomwepo. Zimenezi zimaoneka pamitu ya nkhani, pamayina a mafayilo ndi pa uthenga umene umatulukira pamwamba pa foni. Kudula kwabwino kumatsatira zinthu zitatu: zotsatira zake, kuphatikizapo timadonthoto, zisapitirire malire, liwu lisadulidwe pakati, ndipo chilembo chimene chimasungidwa m'mabaiti angapo chisagawidwe.

## Kodi malire akuwerengedwa m'chiyani?

Mavuto ambiri amayambira pa mawu oti "kutalika", chifukwa kompyuta ili ndi njira zingapo zowerengera. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, chilembo chimodzi chimatenga baiti 1 mpaka mabaiti 4. Zilembo wamba monga a, k ndi z, manambala ndi mpata zimatenga baiti imodzi chilichonse. Chilembo ŵ, chimene ambiri salembanso masiku ano koma chimapezeka m'mabuku akale ndi m'mayina monga Malaŵi ndi Chicheŵa, chili pa nambala `U+0175` ndipo chimasungidwa m'mabaiti awiri, `C5 B5`. Chizindikiro cha timadontho titatu, `U+2026`, ndi chilembo chimodzi koma mabaiti ake ndi atatu, `E2 80 A6`. Ngakhale kachizindikiro kopindika ka m'mawu oti ng’ombe ndi m’mudzi, `U+2019`, kamatenga mabaiti atatu, pamene kowongoka kamatenga baiti imodzi yokha.

Choncho wolemba pulogalamu ayenera kudziwa kaye chimene malire ake akuwerenga. Dzina la fayilo pa ext4, mwachitsanzo, silingapitirire mabaiti 255, pamene `VARCHAR(100)` mu MySQL imawerenga zilembo. Nazo zida zodulira zimasiyana: `substr` ya PHP imawerenga mabaiti, `mb_substr` imawerenga zilembo, ndipo `slice` ya JavaScript imawerenga tizigawo ta UTF-16 ta mabiti 16.

## Kuzindikira pamene chilembo chikuyambira

UTF-8 inapangidwa mwanjira yoti munthu angadziwe ntchito ya baiti iliyonse poyang'ana mabiti ake oyambirira. Baiti yoyamba ndi `0` ndi chilembo pachokha. Yoyamba ndi `110`, `1110` kapena `11110` imatsegula chilembo cha mabaiti awiri, atatu kapena anayi. Yoyamba ndi `10`, imene mtengo wake umakhala pakati pa `80` ndi `BF`, ndi yopitiriza chilembo chimene chayamba kale. Lamulo lodulira limachokera pamenepa: ngati baiti yoyamba kutayidwa ili yopitiriza, ndiye kuti mpeni wagwera pakati pa chilembo, ndipo malo odulira ayenera kubwerera m'mbuyo mpaka atapeza baiti yosakhala yopitiriza. Kubwererako sikupitirira mabaiti atatu.

Lamuloli likaphwanyidwa, kumapeto kwa mawu kumatsala baiti yamasiye. Msakatuli amaonetsa chizindikiro cha � (`U+FFFD`) pamalopo, ndipo apa zinthu zimakhala zayenda bwino, chifukwa cholakwikacho chaonekera. Mapulogalamu ena amangokana mawu onse: Python imatulutsa `UnicodeDecodeError`, PostgreSQL imati `invalid byte sequence for encoding "UTF8"`, ndipo `json_encode` ya PHP imabweza `false`, moti tsamba lonse likhoza kubwera lopanda kanthu chifukwa cha theka la chilembo chimodzi. Vutoli limabisala nthawi yaitali m'nkhani za m'Chichewa ndi m'Chingerezi, popeza zilembo zambiri ndi za baiti imodzi, ndipo limangotulukira tsiku limene malire agwera ndendende pa ŵ kapena pa kachizindikiro kopindika.

## Chitsanzo

Chiganizo choti "Anthu a ku Malaŵi amalima chimanga chambiri" chili ndi zilembo 43, kuwerengera ndi mipata yomwe, koma mabaiti ake ndi 44 chifukwa cha ŵ. Tiyerekeze kuti malire ndi mabaiti 19.

Choyamba n'kuchotsera malo a timadontho. Mabaiti atatu akachoka pa 19 pamatsala 16. Ili ndi gawo limene anthu ambiri amaiwala: amadula pa 19, kenaka n'kuwonjezera timadontho, zotsatira n'kukhala mabaiti 22. Mabaiti 15 oyambirira ndi "Anthu a ku Mala", baiti ya nambala 16 ndi `C5`, ndipo ya nambala 17, imene ingakhale yoyamba kutayidwa, ndi `B5`. Popeza `B5` ndi yopitiriza, malo odulira amabwerera pa 15. Tsopano chilembo chilichonse chili chathunthu, koma liwu lathyoka, chifukwa chotsatira pa "Mala" si mpata. Pulogalamu imafunafuna mpata womaliza m'mbuyo, n'kuupeza pambuyo pa "ku". Zotsatira zake ndi "Anthu a ku…", mabaiti 13.

Malire akanakhala 21, pakanatsala mabaiti 18, omwe ndi "Anthu a ku Malaŵi" ndendende. Baiti yotsatira ndi mpata, kusonyeza kuti liwu lakwana lonse, choncho palibe chifukwa chobwerera. Pulogalamu imene siyang'ana baiti yotsatirayi imataya liwu loti Malaŵi pachabe. Njira yonseyi mu Python ingalembedwe motere:

```python
def dula(mawu, malire, mapeto="…"):
    b = mawu.encode("utf-8")
    if len(b) <= malire:
        return mawu
    n = max(malire - len(mapeto.encode("utf-8")), 0)
    while n > 0 and (b[n] & 0xC0) == 0x80:
        n -= 1
    if b[n] != 0x20:
        mpata = b.rfind(b" ", 0, n)
        if mpata > 0:
            n = mpata
    return b[:n].decode("utf-8").rstrip(" ,;:") + mapeto
```

Mawu amene akukwana kale amabwezedwa osakhudzidwa, chifukwa timadontho pa nkhani yathunthu ndi bodza. Kufufuza mpata m'mabaiti n'kosaopsa, popeza baiti `20` sipezeka mkati mwa chilembo cha mabaiti angapo. Mzere womaliza umachotsa mpata kapena mpumiro wotsalira, kuti pasatuluke zinthu ngati "chimanga,…". Njirayi imafuna kuti malire akhale osachepera mabaiti atatu a timadonthoto, ndipo imangodziwa mpata wamba. Mawu okhala ndi mizere yatsopano ayenera kuyamba asinthidwa kuti malo onse opanda chilembo akhale mipata.

## Malire a liwu

Kudula liwu pakati sikumangoipitsa maonekedwe. M'Chichewa mneni amanyamula zambiri m'liwu limodzi, ndipo chiyambi chake nthawi zina chimakhala liwu lina lomveka bwino. Mutu woti "Mfumu inafalitsa uthenga wa katemera" ukadulidwa pambuyo pa chilembo cha nambala 11 umakhala "Mfumu inafa…", nkhani ya maliro amene sanachitike.

Mapulogalamu ena amapeza malire a liwu pogwiritsa ntchito `\b` m'njira zofufuzira mawu. Chizindikirochi chimaona malire paliponse pamene chilembo chakumana ndi chinthu chosakhala chilembo, choncho chimagawa ng'ombe kukhala "ng" ndi "ombe", ndi m'mudzi kukhala "m" ndi "mudzi". Mu JavaScript, `\b` imangodziwa zilembo za ASCII, moti imaona malire mbali zonse ziwiri za ŵ. Pa Chichewa, kudulira pampata n'kodalirika kuposa zimenezi.

Komabe mpata uli ndi malire ake. Liwu loyamba likakhala lalitali kuposa malo onse, monga "akanatithandizabe" pamalo a zilembo 10, kapena adiresi ya pa intaneti, palibe mpata wobwererapo. Pamenepo liwulo limadulidwa basi, ndipo m'pamene kubwerera m'mbuyo pamabaiti kumagwira ntchito yake yeniyeni. Ena amaikanso lamulo loti ngati mpata uli kutali kwambiri, mwachitsanzo kuposa theka la malo, ndi bwino kudula liwu kusiyana n'kusiya "A…". Chitchaina, Chijapani ndi Chithai sizilekanitsa mawu ndi mipata, ndipo zimafuna zida monga `BreakIterator` ya ICU.

## Chilembo chimene diso limaona

Kusunga mabaiti athunthu sikutsimikizira kuti chimene wowerenga amaona ngati chilembo chimodzi chapulumuka. Chilembo ŵ chingalembedwenso m'zigawo ziwiri, w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa `U+0302`. Kudula pakati pa ziwirizi sikubweretsa cholakwika chilichonse pakompyuta, kachipewa kamangosowa. Pa ŵ vutoli limatha mawu akayamba asinthidwa kukhala a mtundu wa NFC, umene umalumikiza ziwirizo kukhala `U+0175`.

Tizithunzi ta m'mauthenga sitingalumikizidwe choncho. Mbendera ya Malawi ndi zizindikiro ziwiri, `U+1F1F2` ndi `U+1F1FC`, zoimira M ndi W. Pamodzi ndi mabaiti 8 mu UTF-8, ndipo `length` ya JavaScript imapereka 4. Kudula pambuyo pa kachigawo koyamba kumasiya theka la chizindikiro losawerengeka. Kudula pambuyo pa kachiwiri kumasiya chizindikiro cha M chokha, mbendera itasowa. Malamulo a Unicode ogawira mawu, otchedwa UAX #29, amafotokoza zimene ziyenera kuyendera limodzi, ndipo `Intl.Segmenter` mu JavaScript ndi `grapheme_substr` mu PHP zimadula motsatira magulu oterewa. Ngati malire ali m'mabaiti, pulogalamu imawonjezera gulu limodzilimodzi, kuwerengera mabaiti ake, n'kuima gulu lotsatira likati lipitirire.

## Timadontho ndi uthenga wa pafoni

Chizindikiro cha … sichoyenera paliponse. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo za GSM za mabiti 7. Mukapezeka chilembo chimodzi chakunja kwa gululo, uthenga wonse umatumizidwa mu UCS-2, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Chizindikiro cha … sichili m'gululo, chimodzimodzinso ŵ ndi kachizindikiro kopindika. Pulogalamu ikadula uthenga pa zilembo 159 n'kuwonjezera …, uthenga umene unayenera kupita kamodzi umagawika patatu, pakuti chigawo chilichonse cha uthenga wolumikizidwa mu UCS-2 chimanyamula zilembo 67, ndipo wotumiza amalipira katatu. Kumeneko mipumiro itatu wamba, `...`, ndiyo yabwino, ndipo mawu amadulidwa pa 157.

Pamasamba a pa intaneti pali njira ina, `text-overflow: ellipsis` ya CSS, yogwira ntchito limodzi ndi `overflow: hidden` ndi `white-space: nowrap`. Imeneyi imayeza kukula kwa malo pasikirini, siwononga mabaiti, ndipo mawu onse amakhalabe m'tsambalo, koma sisamala za malire a liwu, moti mutu wa mfumu uja ungaonekebe kuti "Mfumu inafa…" pafoni ya sikirini yaing'ono.