Mathero a ndakatulo

Mathero ndi mzere kapena ndime yomaliza ya ndakatulo. Mathero ogwira mtima amasiya womvera ali ndi chinthu chooneka kapena chomveka, monga chochitika kapena mawu a munthu, ndipo tanthauzo amalipeza yekha. Mathero ofotokoza amamuuza phunziro, ndipo amadziwika ndi mawu otsegulira monga "choncho", "tiyeni" ndi "motero abale". Chizolowezichi chimafanana ndi kafotokozedwe ka nthano kusukulu, komwe mphunzitsi amafunsa phunziro nkhani ikatha.

Chitsanzo ndi ndakatulo yonena za nyanja ya Chilwa, yomwe mbali ina ili m'boma la Machinga ndipo inaphwa mu 1995 ndi mu 2018. Mlakatuli atalongosola mabwato okhala pamatope ndi msika wopanda matemba, angathe kutseka ndi "Choncho tisamale chilengedwe." Mzerewu ndi woona, koma ungakhale pansi pa ndakatulo ina iliyonse. Angathenso kutseka motere:

Ukonde wa atate uja
lero tatchingira nkhuku.

Apa njala sinatchulidwe, koma msodzi wa ku Machinga aimva, chifukwa akudziwa mtengo wa ukonde.

Poyesa mathero, alakatuli amaphimba mizere iwiri yomaliza n'kulakatula mokweza. Ndakatulo ikamveka yathunthu popanda mizereyo, ndiye kuti inali yobwereza ndipo amaichotsa. Njirayi ili ndi malire. Chithunzi chomaliza chiyenera kukhala chokonzedweratu m'ndime zoyambirira, apo ayi omvera amangosokonezeka. Ndakatulo zolangiza, monga za pachinkhoswe, zimafunadi mathero olunjika.