Kuwerengera msonkho wa bizinesi yaing'ono yogula ndi kugulitsa

Kuwerengera msonkho wa bizinesi yaing'ono ndi njira yopezera ndalama imene mwini sitolo, golosale kapena hadiweya ayenera kupereka kuboma. Ku Malawi msonkhowu amatolera ndi a bungwe la MRA, ndipo mafunso ake amapezeka pa mayeso a owerengera ndalama, monga a ICAM. Phata la mafunsowa ndi loti phindu lolembedwa m'mabuku a bizinesi si limene limadulidwa msonkho. Limayamba lakonzedwa motsatira lamulo.

Ndalama zololedwa ndi zosaloledwa

Lamulo limalola kuchotsera ndalama zokhazo zimene zagwira ntchito ya bizinesi, monga lendi ya sitolo, malipiro a antchito ndi zokonzetsera katundu wowonongeka. Silimalola zapakhomo pa mwini bizinesi, chindapusa chophwanyira lamulo, ndalama zogulira katundu wokhalitsa, komanso kutsika mtengo kwa katundu kumene mwiniwake amayerekeza m'mabuku. Zoterezi zikakhala kuti zinachotsedwa kale, zimabwezedwa pa phindu.

Mwachitsanzo, golosale ina ya ku Limbe, yolembetsa VAT, yaonetsa phindu la K9,000,000 pachaka (manambalawa ndi ongoyerekeza). Pa zimene inachotsa pali K1,500,000 ya kutsika mtengo kwa katundu, chindapusa cha K200,000, firiji yatsopano ya K2,000,000, ndi magetsi a K1,200,000. Zitatu zoyambazo zimabwezedwa zonse. Magetsi ndiwo amasokoneza ambiri: ngati banja limakhala kuseri kwa sitolo ndipo limagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu, K400,000 yokha ndiyo imabwezedwa. Phindu limafika pa K13,100,000.

Alawansi ya katundu wokhalitsa

Firiji, mashelefu ndi galimoto zimatumikira zaka zambiri, choncho mtengo wake suchotsedwa chaka chimodzi. M'malo mwake lamulo limapereka alawansi ya chaka ndi chaka, imene imawerengedwa pa mtengo wotsala, osati wogulira. Mlingo wake umadalira mtundu wa katunduyo.

Tiyerekeze kuti funso lapereka 20 peresenti pa lole ndi 10 peresenti pa firiji. Lole ya golosale ija inayamba chaka ili ndi mtengo wotsala wa K5,000,000, ndiye alawansi yake ndi K1,000,000. Chaka chotsatira idzawerengedwa pa K4,000,000 n'kukhala K800,000. Ya firiji ndi K200,000. Kuchotsa K1,200,000 pa K13,100,000 kumasiya K11,900,000, ndipo ili ndilo phindu lodulidwa msonkho. Katundu wina amakhalanso ndi alawansi yapadera ya chaka chogulira, imene chitsanzochi chasiya.

Kusiyanitsa kukonza ndi kugula chatsopano n'kofunika pano. Kusintha labala wa chitseko cha firiji ndi kukonza, ndipo ndalama yake imachotsedwa yonse chaka chomwecho. Kugula firiji ina si kukonza ayi, ngakhale yakaleyo itafa.

Msonkho wa VAT

VAT siwerengedwa pa phindu. Bizinesi yolembetsa imaitolera kwa ogula, n'kuchotsapo imene inalipira pogula katundu, ndipo yotsalayo imapita ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira. Mlingo wake umatha kusintha ndi bajeti ya boma. Chitsanzochi chatenga 16.5 peresenti, umene unagwira ntchito zaka zambiri.

Mwezi umene inagula firiji, golosaleyo inagulitsa katundu wolipitsa VAT wa K11,650,000, msonkhowo uli momwemo. VAT imapezeka motere:

```
11,650,000 × 16.5 / 116.5 = 1,650,000
```

Wophunzira akangotenga 16.5 peresenti ya K11,650,000 amapeza K1,922,250, zomwe n'zolakwika chifukwa wadula msonkho pa msonkho unzake. Yankho lolondola limadziwika poti likachotsedwa pa mtengo wonse, 16.5 peresenti ya chotsalacho imafanana nalo.

Pooda katundu golosaleyo inalipira VAT ya K900,000, ndipo pa firiji K330,000. Yopereka ku MRA ndi K1,650,000 kuchotsa K1,230,000, yomwe ndi K420,000. Kuchotseraku kumafuna invoisi yovomerezeka ya VAT. Kapepala wamba ka pamsika sikathandiza. VAT yolipiridwa pa katundu amene lamulo linamupatula ku msonkhowu siyichotsedwanso.

Firiji ija ndiyo imalumikiza magawo onse atatu. Inagulidwa K2,330,000, koma poti K330,000 yabwerera kudzera pa VAT, alawansi yawerengedwa pa K2,000,000. Golosaleyo ikanakhala yosalembetsa, sikanatolera VAT kapena kubwezeredwa kalikonse, ndipo alawansi ikanawerengedwa pa K2,330,000 yonse n'kukhala K233,000.