Milatho 7 ya ku Königsberg ndi theka lomwe Euler anasiya

Mu 1736, Leonhard Euler anayankha funso la mumzinda wa Königsberg, womwe lero ndi Kaliningrad: kodi munthu angawoloke milatho yonse 7 ya pa mtsinje wa Pregel, uliwonse kamodzi kokha?

Euler sanayese njira imodziimodzi. Anangowerenga milatho yofika pa chigawo chilichonse cha mtunda. Ukalowa pamalo ndi mlatho umodzi, uyenera kutulukira wina, choncho kuti ukathere pomwe unayambira, milatho ya malo alionse iyenera kukhala iwiriiwiri popanda wotsala. Ku Königsberg chilumba chinali ndi milatho 5, zigawo zitatu zinazo 3 chilichonse. Paliponse umodzi unkatsala, ndiye ulendowo unali wosatheka.

Tiyese kwathu kuno. Ukachoka ku Nkope n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, sungabwerere osaupondanso ukanakhala wokhawo. Ukawonjezapo wa ku Liwonde, tsidya lililonse lili ndi iwiri, ndipo ulendo utheka.

Chomwe sindigwirizana nacho n'choti ulemu wonse umapita kwa Euler. Iye anatsimikiza mbali imodzi: pakatsala mlatho, ulendo sutheka. Zoti malo onse akalumikizana popanda wotsala ulendowo umathekadi, anangozinena. Umboni unadza ndi Carl Hierholzer: yenda mpaka ubwerere poyambira, ngati milatho ina yatsala, yambira pamalo pomwe wadutsa kale, zungulira, n'kulumikiza maulendo awiriwo. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1873, iye atamwalira kale mu 1871.