Chigwa cha Rifiti cha Malawi

Chigwa cha Rifiti cha Malawi ndi chigwa chachitali chimene chinapangika chifukwa chakuti zibenthu ziwiri za chikhungwa cha dziko lapansi zikutalikirana pang'onopang'ono, ndipo nthaka ya pakati pake ikutitimira. Nyanja ya Malawi, Nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire zili m'kati mwa chigwachi. Chigwachi ndi mbali ya kummwera ya Chigwa Chachikulu cha Rifiti cha Kummawa kwa Africa, chimene chimayambira ku Ethiopia n'kukathera m'chigawo chapakati cha dziko la Mozambique. Mawu akuti rifiti amatanthauza kung'ambika, ndipo amene anawatchukitsa ndi John Walter Gregory, katswiri wa miyala wa ku Britain amene anayenda m'chigwa chotere ku Kenya mu 1893.

Mapiri a ku Dedza ali m'mphepete mwa chigwachi chakumadzulo. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475. Galimoto yotsika mumsewu wa Khwekhwelere kuchoka pa Masasa kupita ku Golomoti imatsika mamita pafupifupi 1,000 pa ulendo waufupi. Chitsetso chimenechi sichinakumbidwe ndi madzi. Nthaka ya ku Golomoti ndi Mtakataka ndiyo inatsika, n'kusiya ya ku Dedza m'mwamba.

Zibenthu ndi liwiro lake

Kunja kwa dziko lapansi kuli chikhungwa cholimba cha miyala, chimene chinagawikana m'zibenthu zikuluzikulu zotchedwa mapuleti. Pansi pake pali miyala yotentha kwambiri. Miyalayi si yamadzimadzi, koma imatha kusendera pang'onopang'ono ngati phula lofunda, ndipo zibenthu zimayenda pamwamba pake. Dedza ali pa chibenthu chachikulu cha Nubia, chimene chanyamula mbali yaikulu ya Africa. Kutsidya la nyanja, chigawo cha Niassa ndi kummwera kwa Tanzania zili pa chibenthu chaching'ono cha Rovuma, chimene chikulowera chakummawa.

Liwiro lake ndi lochepa zedi. Zipangizo zoyeza malo pogwiritsa ntchito masetilaiti zimasonyeza kuti mbali ziwirizi zimatalikirana ndi mamilimita osapitirira atatu pachaka, ndipo kummwera kwa nyanja liwiroli limacheperachepera mpaka cha m'ma milimita imodzi. Chikhadabo cha munthu chimakula mamilimita atatu pamwezi umodzi wokha. Koma milimita imodzi pachaka imakwana mita imodzi pa zaka 1,000, ndipo pa zaka miliyoni imodzi imakwana kilomita yathunthu. Chigwachi chakhala chikutseguka kwa zaka mamiliyoni angapo, ndipo mbali ya kumpoto ndiyo yakale kuposa ya kummwera.

Mmene nthaka imatitimirira

Chikhungwa chikamakokedwa mbali ziwiri, sichiyasama n'kusiya dzenje lopanda kanthu monga ambiri amaganizira. Mbali yakuya, imene ndi yotentha, imatamuka n'kupyapyala. Mbali yapamwamba ndi yozizira ndi yosachedwa kusweka, motero imathyoka, ndipo mng'alu wake sukhala woongoka kuloza pansi. Umapendekeka, kawirikawiri ndi madigiri 45 mpaka 60. Miyala imene ili pamwamba pa mng'alu wopendekekawo imatsetsereka kulowera pansi, monga mmene thabwa lotsamira khoma limatsikira munthu akalikoka chakumunsi.

Kupendekeka kumeneku n'kumene kumachititsa kuti kutalikirana kochepa kubale chigwa chakuya. Pa mng'alu wopendekeka madigiri 60, mbali ziwiri zikatalikirana ndi mita imodzi, mbali yotsikayo imatsika mamita pafupifupi 1.7. Choncho kuti pakhale chitsetso cha mamita 1,000 ngati cha pakati pa Dedza ndi Golomoti, sipafunika kuti dziko litambasuke makilomita ambirimbiri. Mamita 600 okha ndi okwanira, ngati kutsika konseko kukadachitikira pa mng'alu umodzi. Komabe chitsetso chooneka ndi maso ndi mbali chabe ya kutsika konseko, chifukwa mvula yakhala ikuperesa mapiri kumtunda, ndipo mchenga ndi matope zakhala zikukwirira mwala wa pansi pa chigwa.

Pamene mbali imodzi ikutsika, inayo imakwera. Mng'alu ukachotsa katundu wolemera amene anatsamira m'mphepete mwa chibenthu, m'mphepetemo mumatukuka ngati mbali ya bwato imene munthu watsikako. N'chifukwa chake malo okwera kwambiri amapezeka pafupi ndi chigwa chenichenicho. Mzere wa mapiri ochoka ku Dedza kudutsa ku Ntcheu ndi phewa lotere. Msewu wa M1 umadutsa pamsana pake motsatira malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo m'malo ambiri mvula yogwa kummawa kwa msewuwo imathamangira kuchigwa, pamene yogwa kumadzulo, ku Angonia, imapita ku mtsinje wa Zambezi.

Phiri la Dedza lenilenilo, lotalika mamita 2,198, si phiri lophulika ndipo silinabadwe ndi chigwachi. Mwala wake unauma pansi pa nthaka zaka mamiliyoni mazanamazana chigwa chisanayambe, ndipo unatsalira chifukwa ndi wolimba kuposa miyala yozungulira. Chigwa chinangowonjezera kutalika kwa thambwe limene phirili lakhalapo.

Mng'alu wa Bilila ndi Mtakataka

Kunsi kwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu kuli ming'alu iwiri ikuluikulu yoyenda limodzi. Wakumtunda ndi wa Chirobwe ndi Ntcheu, umene unapanga chitsetso chachikulu. Wakumunsi, chakummawa, ndi wa Bilila ndi Mtakataka, umene ndi wautali makilomita pafupifupi 100 ndipo umadutsa kufupi ndi Mua. Umaoneka ngati chikweza chadzidzidzi pakati pa minda, ndipo m'malo ena ndi chotalika mamita 10 mpaka 15.

Chikwezachi chinadziwika kwambiri mu 1997, pamene James Jackson ndi Tom Blenkinsop anachifotokoza m'magazini ya sayansi. Chimene chinakopa chidwi n'chakuti chikwezacho chidakali chongoka. Mvula ya m'dera lotentha imagumula chikweza cha dothi ndi miyala yophwanyika m'zaka zikwi zowerengeka, motero chikweza chimene sichinagumuke ndi chatsopano pa kawerengedwe ka akatswiri a miyala. Umboni wina uli m'mitsinje. Mtsinje ukamadutsa pa mng'alu umene wangosuntha, umapanga mathithi, ndipo mathithiwo amasendera kumtunda pang'onopang'ono pamene madzi akudya mwala. Mtunda wa pakati pa mathithi ndi mng'alu umathandiza kudziwa ngati nthaka inasuntha kale kapena posachedwa, ndipo mathithi angapo otsatizana amasonyeza kuti inasuntha kangapo.

Jackson ndi Blenkinsop anawerengera kuti ngati mng'alu wonsewo unasuntha nthawi imodzi, chivomezi chake chikanayandikira mphamvu ya 8 pa sikelo yoyezera zivomezi. Kafukufuku wotsatira anapeza kuti mng'aluwu uli ndi zigawo zingapo, ndiponso kuti chikwezacho chiyenera kuti chinakula pa zivomezi zoposa chimodzi. Ngakhale zili choncho, chigawo chimodzi chokha chikhoza kugwetsa nyumba zambiri m'midzi ya ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Mng'alu suyenda tsiku ndi tsiku. Umakakamira kwa zaka mazana kapena zikwi pamene zibenthu zikupitiriza kukokana, kenako umatsetsereka mamita angapo m'masekondi ochepa. Kukhala chete kwake kwa nthawi yaitali sikutanthauza kuti unafa.

Pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha mphamvu yopitirira 6 chinagwedeza Salima ndi madera oyandikana nawo. Anthu 9 anamwalira ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Chinayambira pansi kwambiri, makilomita pafupifupi 30. M'madera ambiri padziko, miyala ya pakuya motero imakhala yofunda moti imatamuka osathyoka. Kuno chikhungwa ndi chokhuthala ndi chozizira, ndipo chikhungwa chotere chimabala ming'alu italiitali ndi zigwa zotambalala. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, zimene zinapha anthu anayi, zinali zosaya, ndipo zinang'amba nthaka moonekera.

Nyanja

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 570, koma m'lifupi mwake siposa makilomita 80, chifukwa imatsatira mzere wa ming'alu. Malo akuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti pansi pake pali mamita oposa 200 kunsi kwa mlingo wa nyanja yamchere. Mtsinje sungakumbe chigwa kupitirira mlingo wa nyanja imene ukuthiramo, ndipo uwu ndi umodzi mwa maumboni omveka akuti chigwachi chinachita kutitimira.

Pansi pa nyanjayi si ngalande imodzi yofanana mbali zonse. Ndi mabeseni angapo olumikizana, ndipo lililonse lili ndi mng'alu waukulu kumbali imodzi yokha, moti linapendekeka ngati chitseko chotsegukira pansi. Kumpoto mng'alu waukulu uli kummawa, pansi pa mapiri a Livingstone ku Tanzania, ndipo ku Karonga kuli chidikha. Pakati mng'alu uli kumadzulo, cha ku Usisya kumpoto kwa Nkhata Bay, kumene mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, ndipo malo akuya kwambiri ali chakomweko. Kummwera nyanja ndi yosaya. Munthu akhoza kudziwa kumene kuli mng'alu waukulu pongoyang'ana gombe: kumene kuli phompho n'kumene kuli mng'alu ndi madzi akuya, kumene kuli mchenga wotambalala ndi madambo n'kumene nthaka imalowa m'madzi pang'onopang'ono.

Nyanja zambiri zimakwiririka ndi matope m'zaka zikwi zochepa. Iyi yakhalitsa chifukwa pansi pake pamatsikabe pamene matope akudzaza, moti kumpoto matopewo aunjikana makilomita angapo kuya kwake. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope akale. Matopewo anasonyeza kuti pa chilala choopsa cha zaka zoposa 100,000 zapitazo, madzi anatsika mamita oposa 500. Chigwa chimapereka mbale, koma kudzaza kwake kumadalira mvula. Ngakhale pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anachepa moti Shire anasiya kutuluka bwino m'nyanjamo.

Moto wa pansi

Zigwa zina za mtunduwu zili ndi mapiri ambiri ophulika. Ku Afar, m'dziko la Ethiopia, chikhungwa chapyapyala kwambiri, ndipo mu 2005 chiphalaphala chamoto chinalowa m'mng'alu wa makilomita pafupifupi 60 n'kuutsegula mamita 8 m'milungu yochepa. Chigwa cha Malawi sichinafike pamenepo. Mapiri ophulika ali kumpoto kwenikweni kokha, ku Rungwe m'dziko la Tanzania. M'Malawi muno kutentha kwa pansi kumaonekera m'akasupe a madzi otentha, monga a ku Chiweta, Nkhotakota ndi Liwonde. Madzi amenewa ndi a mvula amene analowa pansi kwambiri, n'kutenthedwa ndi miyala, kenako n'kubwerera kumtunda kudzera m'ming'alu.