Malire Amene Anadula Dziko la Lundu

Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasaina pangano ku Lisbon, nagawana chigwa chathu, popanda Mmang'anja ndi mmodzi yemwe pa bwalolo. Malire awo anatsika ndi mtsinje wa Ruo kufikira ku Chiromo, natsata Shire mpaka kumunsi kwa Chiwanga, nakhotera kumadzulo, kumapiri amene amagawa madzi a Shire ndi a Zambezi.

Koma kwa makolo athu Shire anali njira ya mabwato, osati mpanda. Ngakhale ufumu wa Lundu unali utafooka kale m'manja mwa Amakololo, anthu a tsidya lino ndi tsidya lija ankakwatirana, napereka nsembe za mvula limodzi ku Khulubvi. Kuchokera chaka chimenecho, wowoloka Shire kumunsi kwa Chiromo ankatsikira m'dziko la Apwitikizi, ngakhale akupita kumaliro a malume ake.